Lipoti la kuyendera zitsulo za bimu ndi zipilala zitatu za khonde la sitolo konkire asanathiridwe

Nyumbayi ndi sitolo yopanda chipinda chapamwamba, ikumangidwa m'dera lina la mzinda wa Lilongwe. Kutsogolo kwake kuli khonde lokhala pa zipilala zitatu zomwe mu lipoti lino tizitchula A, B ndi C, ndipo B ndiye chapakati. Kuchokera pakati pa chipilala china kufika pakati pa chinzake ndi mamita 3.6, kotero bimu yonse ndi yotalika mamita 7.43. Bimuyo ndi ya mamilimita 230 m'lifupi ndi 350 kuzama kwake. Inyamula mathirasi a denga la malata komanso kakhoma ka njerwa ka kutsogolo kolembapo dzina la sitolo. Zipilala ndi za 230 mbali zonse.

Pulani inalamula zitsulo zitatu za Y16, zamizere zonenepa mamilimita 16, pansi pa bimu, ziwiri za Y12 zonenepa 12 pamwamba, ndi Y16 imodzi yowonjezera pamwamba yodutsa pa chipilala B. Maringi, tizitsulo topindidwa tozungulira zitsulo zazikuluzo, ndi a R8, chitsulo chosalala chonenepa mamilimita 8. Chipilala chilichonse chili ndi Y12 zinayi. Chikuto cha konkire, chomwe pasaiti amangoti kava, ndi mamilimita 30 pa bimu ndi 40 pa zipilala, kuyeza kuchokera ku thabwa la shatala, bokosi lothiramo konkire, kufika pa ringi, osati pa chitsulo chachikulu. Konkire ndi wa giredi 25 wokhala ndi miyala ya kwale ya mamilimita 20. Miyeso yomwe tikugwiritsa ntchito ndi ya mu BS 8110, buku lomwe mainjiniya ambiri kuno anaphunzirira ndipo akuligwiritsabe ntchito.

Pa tsiku loyendera, zitsulo za zipilala zinali zitaimikidwa koma shatala wake asanatsekedwe. Chikhola cha bimu chinali chitamangidwa kale pansi, chikudikira kukwezedwa. Sitinalole kuti athire konkire. Zolakwika zinali zingapo, koma zambiri za pa bimu zinachokera pa zinthu ziwiri zomwe zinachitikira kogula zitsulo.

Zomwe zinachitika kogula

Tsiku lomwe anakagula, Y16 kunalibe, ndipo anatenga Y12 poganiza kuti zisanu zilowa m'malo mwa zitatu zija. Chachiwiri, chitsulo chimabwera cha mamita 12, koma galimoto inali yaing'ono, choncho anazidulitsa pakati kuti zikhale za mamita 6. Kapitawo anafotokoza yekha mosabisa: “Bwana, ife tinaona kuti zisanu n'zambiri kuposa zitatu, ndiye tinati nyumba ilimba kwambiri.” Maganizo amenewa ndi ofala, ndipo sachokera pa ulesi. Vuto ndi loti bimu ya 230 ili ndi malo ochepa, ndipo malowo akulimbirana zinthu zitatu: chikuto, mpata wa pakati pa zitsulo, ndi polumikizira. Mukawonjezera china, chinzake chimaphwanyidwa.

Tiyambe ndi kuchuluka kwa chitsulo. Y16 imodzi ikadulidwa, nkhope yake ndi masikweya milimita 201, ndipo zitatu ndi 603. Y12 imodzi ndi 113, zisanu ndi 565. Ndiye kuti zisanuzo n'zochepa, osati zambiri, ndipo zikuperewera ndi magawo 6 pa 100 alionse. Titawerengeranso katundu wa bimuyi tinaona kuti kuperewera kumeneku pakokha sikukanaigwetsa, chifukwa wojambula anasiya malo. Chomwe chinatikaniza ndi mpata.

Mpata wa pakati pa zitsulo

Chitsulo chimagwira ntchito pokhapokha konkire atachikuta mbali zonse n'kuluma timizere take. Kuti zimenezi zitheke, mwala waukulu wa mu konkire uyenera kudutsa pakati pa zitsulo ziwiri mosavuta. Lamulo ndi loti mpata usachepere kukula kwa mwala kuphatikizapo mamilimita 5, komanso usachepere kunenepa kwa chitsulocho. Ndi miyala ya 20, mpata wochepetsetsa ndi 25.

Nayi masamu a bimu ya pa pulani ndi ya zitsulo zisanu, zonse zili ndi chikuto choyenera:

```
230 - (2 x 30) - (2 x 8) = 154
3 Y16: (154 - 48) / 2 = 53
5 Y12: (154 - 60) / 4 = 23.5
```

Zitatu za Y16 zikusiya mpata wa 53, womwe ngakhale mutu wa mamilimita 40 wa vaibuleta, makina ogwedezera konkire, umalowa. Zisanu za Y12 zikusiya 23.5, ndipo pasaiti umachepa kuposa pamenepa chifukwa timizere timanenepetsa chitsulo ndi milimita imodzi kapena awiri. Wopinda zitsulo analiona vutoli ndi maso, ndipo analithetsa mwa njira yomwe inali pafupi: anakulitsa maringi. M'malo mwa 170 kwa 290, anapinda 210 kwa 330. Zitsulo zisanu zinakwana bwino ndi mpata wa pafupifupi 33, koma chikuto chinatsala mamilimita 10 mbali iliyonse. Apa ndi pomwe kulakwitsa kwa kusitolo kunasanduka kulakwitsa kwa chikuto.

Pali chinanso chomwe tinachipeza pa mulu wa miyala. Inali miyala yoswa ndi nyundo, yogula m'mbali mwa msewu, ndipo titatola dzanja limodzi tinapezamo ina yofika mamilimita 40. Miyala yotere si yoipa ikakhala yolimba ndi yoyera, koma lamulo la mpata limatsata mwala womwe uli mu wilibala, osati womwe unalembedwa pa pulani. Mwala wa 40 ukufuna mpata wa 45. Ukakakamira pakati pa zitsulo ziwiri, ina imadzasanjikana pamwamba pake, madzi a simenti okha n'kumadontha pansi. Mukachotsa matabwa mumapeza kunsi kwa bimu kuli mabowo ngati malesa a njuchi, zitsulo zikuonekera. Ambiri amangopaka matope a simenti n'kubisa, koma kuseri kwa chitsulo kumakhalabe mphako. Tinalamula kuti miyala isefedwe pa waya wa mabowo a mamilimita 20, yotsalayo ikagwire ntchito pa konkire wa pansi.

Chikuto

Konkire watsopano ali ndi mphamvu ya laimu yomwe imapanga kakhungu kopyapyala pa chitsulo, ndipo kakhunguko kamaletsa dzimbiri. Mpweya wa kunja umalowa mu konkire pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, n'kumapha mphamvuyo kuyambira kunja kupita m'kati. Ukafika pa chitsulo, chinyezi chimayamba ntchito yake. Dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chomwe ladya, choncho limakankha konkire kuchokera m'kati. Chizindikiro choyamba ndi timizere tofiirira pa pulasitala totsatana molingana, tosonyeza pomwe pali ringi iliyonse. Kenako pamabwera mng'alu wowongoka wotsata chitsulo cha pakona, ndipo pomaliza kona imagamuka. Aliyense woyenda m'matauni athu anaziona m'makonde a masitolo akale. Khonde limalandira mvula ya mphepo ndi dzuwa, kotero mamilimita 10 sangalimbe zaka zambiri, makamaka ndi konkire wosakaniza ndi fosholo yemwe nthawi zambiri amachulukitsidwa madzi.

Chikuto chilinso ndi ntchito zina ziwiri. Chimateteza chitsulo ku moto, pakuti chitsulo chikatentha kwambiri chimafooka. Chimagwiranso polumikizira kuti pasang'ambike, ndipo mfundo imeneyi tiibwerera. Komanso mwala wa 20 sungalowe pa mpata wa 10 wa pakati pa ringi ndi thabwa, ndiye khungu lonse la bimu likanakhala la madzi a simenti ndi mchenga basi. N'chifukwa chake chikuto sichiyenera kuchepera kukula kwa mwala kapena kunenepa kwa chitsulo chomwe chikuchikuta.

Pulasitala sawerengedwa ngati chikuto. Funsoli limabwera pafupifupi pa saiti iliyonse. Pulasitala ndi wofewa, amamwa madzi, ndipo pakati pa iye ndi konkire pamakhala msoko womwe chinyezi chimayendamo.

Tichenjezenso mbali inayo, chifukwa mmisiri akadzudzulidwa pa chikuto amatha kupitirira muyeso. Mphamvu ya bimu imadalira mtunda wochokera pamwamba pa konkire kufika pakati pa zitsulo zapansi. Pa bimu iyi ndi 350 kuchotsa 30, kuchotsa 8, kuchotsanso theka la Y16, zomwe zikupereka 304. Chikhola chikakwera ndi mamilimita 30 owonjezera, mtundawo umatsika kufika 274, ndipo bimu yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake popanda chitsulo chilichonse kuchotsedwa. Chikuto chimafunika chikhale chomwe chalembedwa, ndipo chomwe chimatsimikizira zimenezi ndi masipesa, tizidutswa toikidwa pakati pa zitsulo ndi thabwa.

Pasaiti panalibe sipesa ngakhale imodzi. Anakonza zodzaika zibenthu za njerwa pansi pa chikhola, m'mbali osaika kanthu. Njerwa yowotcha imamwa madzi n'kuwafikitsa pa chitsulo, ndipo imaphwanyika munthu akaponda chikhola. Kathabwa kamawola, kachidutswa ka chitsulo kamachita dzimbiri n'kulilowetsa m'kati, mwala wa kwale umagubuduka vaibuleta ikangogunda. Masipesa abwino amapangidwa pasaiti pomwepo. Sakanizani muyeso umodzi wa simenti ndi iwiri ya mchenga woyera wa kumtsinje, madzi ochepa. Thirani pa thabwa lomwe mwakhomera timatabwa m'mbali totalika ndendende 30, lina 40. Matope asanaume, dulani timabwalo ta makona anayi ta 40 kwa 40 ndi mpeni wa njerwa, ndipo mu kalikonse zikani waya womangira wopindidwa pakati, nsonga zake zikhale kunja. Mawa lake tiikeni m'madzi, tikhalemo sabata. Ta 30 ndi ta 40 tisungidwe m'zidebe zosiyana, pakuti tikasakanizika palibe amatisiyanitsa ndi maso. Pa bimu tinalamula awiri pansi ndi imodzi mbali iliyonse pa mamilimita 700 alionse, omangidwa pa maringi. Pa zipilala, mbali zonse zinayi, pansi, pakati ndi pamwamba. Nsonga za waya womangira zipindidwire m'kati mwa chikhola, chifukwa kawaya kamodzi kokhudza thabwa kamatulutsa dontho la dzimbiri pa khoma lopakidwa penti.

Chitsulo cholowa m'nthaka chimafuna chikuto chokulirapo. Pa maziko a zipilalazi pulani inati 50 pamwamba pa konkire wopyapyala woyalira, ndipo konkire akathiridwa molunjika pa dothi amafuna 75.

Polumikizira zitsulo za bimu

Ili ndiye linali vuto lalikulu kwambiri. Zitsulo ziwiri zikagonekedwa mopitana, zomwe amisiri amati lapu, mphamvu siidutsa mu waya womangira. Wayayo ntchito yake ndi kugwirizira zitsulo kuti zisasunthe pothira. Mphamvu imachoka mu chitsulo choyamba kudzera mu timizere take, kulowa mu konkire wozungulira, n'kukalowa mu chitsulo chachiwiri. Kuti konkire asamutse mphamvu yonse ya chitsulo pamafunika utali wokwanira. Pa konkire wa giredi 25 ndi chitsulo cha mizere, BS 8110 imapereka utali wa kunenepa kwa chitsulo kuchulukitsa ka 44. Pasaiti timanena 50 kuti pakhale posavuta kukumbukira ndiponso chifukwa konkire wosakaniza pamanja safika nthawi zonse pomwe analembedwa. Ndiye Y12 ikufuna 600, Y16 ikufuna 800.

Tinayeza lapu ya zitsulo zisanu zapansi ndipo inali 300, theka la muyeso. Nambala ya 300 imamveka kwambiri m'masaiti chifukwa bukulo limanenadi kuti lapu isachepere 300 kapena kunenepa kwa chitsulo ka 15. Koma umenewo ndi malire a pansi penipeni, a chitsulo chomwe sichikunyamula katundu weniweni. Si muyeso wa chitsulo chachikulu cha bimu.

Malo omwe lapuyo inagwera anali oipa kuposa kufupika kwake. Bimu yokhala pa zipilala zitatu imapindika ngati munthu wogona pa mipando itatu: pakati pa zipilala imalendewera, pa chipilala chapakati imatukuka msana. Polendewera, kunsi ndiye kumakokedwa, pamwamba n'kumafinyika. Pa chipilala B zimatembenuka, pamwamba ndiye pamakokedwa. Pa bimu ya mipata iwiri yofanana, kunsi kumakokedwa kwambiri osati pakati penipeni, koma chakufupi pang'ono ndi chipilala cha kumapeto, pa mtunda wa pafupifupi mamita 1.35 kuchokera pa C. Kuyeza kuchokera ku mapeto a ku A, malowa ali pa mamita pafupifupi 6. Chitsulo cha mamita 6 choyambira ku A chimathera pomwepo. Choncho zitsulo zonse zisanu zinalumikizidwa malo amodzi, pomwe bimu ikukokedwa kwambiri, ndi lapu ya theka. Palibe anasankha malowa. Anasankhidwa ndi macheka a kusitolo.

Pa lapupo zitsulo zinali khumi, zogonekedwa mbali ndi mbali. Khumi kuchulukitsa ndi 12 ndi 120, ndipo ngakhale m'maringi okulitsidwa aja mpata wa pakati pa magulu unatsala pafupifupi 18. Kuyang'ana kuchokera pamwamba kunkaoneka ngati mphasa ya zitsulo. Konkire sakanadutsa, ndiye malo omwe amafunika konkire wabwino kwambiri ndi omwe akanakhala ndi mphako. Bukuli limaonjezeranso kuti chitsulo chokokedwa chikakhala pakona ndi chikuto chochepera kunenepa kwake kawiri, kapena malapu akayandikana kuchepera mamilimita 75, utali uchulukitsidwe ndi 1.4. Chifukwa chake n'choti timizere tikamakoka timakankha konkire kunja ngati nkhwangwa yowazira nkhuni, ndipo konkire wopyapyala amang'ambika motsata chitsulo. Pa chikhola chomwe tinachipeza, lapu yoyenera ikanakhala pafupifupi 740. Lapu ikalephera siichenjeza monga chimachitira chitsulo chathunthu, chomwe chimatamuka bimu n'kuyamba kulendewera anthu akuona. Konkire amang'ambika, zitsulo n'kupululuka nthawi imodzi.

Lamulo losavuta kuligwira ndi ili: zapansi zilumikizidwe pafupi ndi chipilala, zapamwamba zilumikizidwe pakati pa mpata, ndipo zisalumikizidwe zonse malo amodzi.

Momwe bimu inakonzedwera

Chikhola chinamasulidwa chonse. Tinalamula Y16 zitatu za mamita 12 zosadula, zibwere pa lole. Chilichonse chinadulidwa mamita 7.9, kuphatikizapo mamilimita 250 opindira m'mwamba ku mapeto onse awiri. Motero pansi pa bimu palibe lapu ngakhale imodzi. Pa bimu yosafika mamita 12 iyi ndiyo njira yabwino kuposa zonse, ndipo mtengo wa lole ndi wochepa pouyerekeza ndi chitsulo chomwe chimathera m'malapu ndi m'zotsalira. Pa zotsala za mamita 4.1 tinadulapo chimodzi cha mamita 2.4, chomwe ndi Y16 yowonjezera ya pamwamba pa B, yotuluka pang'ono kupitirira mita imodzi mbali iliyonse ya chipilala.

Zikanakhala kuti Y16 zapezeka za mamita 6 zokha, tikanalumikiza pafupi ndi B ndi lapu ya 800, chimodzi pamwamba pa chinzake osati mbali ndi mbali, kuti mpata wodutsa konkire usatsekeke.

Y12 za mamita 6 zija sizinatayidwe. Pamwamba pa bimu utali womwewo unagwera pabwino. Chitsulo chopindidwa 250 ku mapeto a ku A chikudutsa pa B chathunthu n'kukathera pafupi ndi pakati pa B ndi C, pomwe pamwamba sipakokedwa. Tinachilumikiza ndi chidutswa cha mamita 2.5 pa lapu ya 600. Chinzake tinachiyambira ku C kuti lapu yake igwere pakati pa A ndi B.

Maringi anapindidwa atsopano a 170 kwa 290, kuyeza kunja, ndipo iliyonse inadya pafupifupi mita 1.05 ya R8. Akale aja anali motalikirana 300 bimu yonse. Mng'alu womwe maringi amaletsa ndi wopendekera, umayambira kunsi pafupi ndi chipilala n'kukwera chopingasa. Maringi akatalikirana kwambiri mng'aluwo umadutsa pakati pa awiri osakumana ndi chitsulo. N'chifukwa chake mpata wawo suyenera kupitirira magawo atatu mwa anayi a mtunda wa 304 uja, omwe ndi 228. Tinatsata pulani: ringi yoyamba mamilimita 50 kuchokera pa nkhope ya chipilala, asanu ndi atatu oyambirira kumbali iliyonse motalikirana 125, ndipo pakati osapitirira 200. Anakwana 23 pa mpata uliwonse, 46 onse pamodzi.

Pamakumana bimu ndi chipilala pali kavuto komwe mapulani ambiri saonetsa. Bimu ndi chipilala zonse ndi za 230, kotero zitsulo za pakona za bimu zimafuna kudutsa pomwe paima zitsulo za chipilala. Mmisiri akasiyidwa yekha amakankhira za bimu kunja, chikuto n'kuthera pomwepo. Zoyenera ndi kuzilowetsa m'kati mwa za chipilala. Pakati pa Y12 za chipilala pali 110, ndipo Y16 zitatu zikusiya mipata iwiri ya 31, yomwe ikukwanira. Chitsulo cha pakona chimasuntha mamilimita 22 okha, ndipo chisunthe pang'onopang'ono pa utali wa pafupifupi 300, osati mopinda mwadzidzidzi.

Zipilala

Y12 zinayi zikupereka masikweya milimita 452, omwe ndi 0.85 pa 100 ya nkhope ya chipilala, pamwamba pa malire a 0.4. Apa panalibe vuto. Mavuto anali pa maringi ndi pa zitsulo zotuluka m'maziko.

Chitsulo cha chipilala chimafinyidwa, ndipo chitsulo chowonda chikafinyidwa chimafuna kupindikira kunja ngati bango lomwe mwalitsamira. Maringi ndi omwe amachigwira. Mpata wawo usapitirire kunenepa kwa chitsulo ka 12, ndiye pa Y12 ndi 144. Tinapeza 250. Tinalamula 140 pakati pa chipilala, ndi 100 pa lapu ponse komanso pa mamilimita 500 a pamwamba, ndi maringi awiri m'kati mwa mfundo ya bimu ndi chipilala, pomwe nthawi zambiri amasiyidwa chifukwa ndi povuta kulowetsa dzanja. Kukula kwake ndi 150 kwa 150.

Nsonga za maringi zinali zopindidwa madigiri 90 okha. Nsonga yotere imagwiridwa ndi chikuto basi, ndipo chikuto chikagamuka ringi imatseguka. Ipindidwe madigiri 135 kuti iloze m'kati mwa chipilala, yotalika mamilimita 80, ndipo nsongazo zizisinthana makona pokwera. Kuno si nkhani ya m'buku chabe. Dziko lino lili mu chigwa chachikulu chomwe nthaka yake imagwedezeka, monga zinachitikira ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009, ndipo chivomezi chimayamba kuphwanya chipilala kumutu ndi kuphazi. Pa nyumba yosanjikiza injiniya angafune kuti lapu ichoke kuphazi ikakhale pakati pa msinkhu wa chipilala. Pa khonde lopepuka ngati ili tinalola kuti ikhale pansi, bola maringi athinane.

Zitsulo zotuluka m'maziko zinali zitakutidwa kale ndi konkire wa mamilimita 900 kuchokera pa maziko kufika pa msinkhu wa pansi pa nyumba. Pa C zinatuluka 620 ndipo zinali pamalo pake. Pa A zinatuluka 280 zokha. Kapitawo anapempha kuti aitane wowotcherera. Tinakana, chifukwa chitsulo cha m'sitolo sichidziwika ngati n'chowotchereka, ndipo kutentha kwa moto kumatha kuchiumitsa mpaka kuthyoka pafupi ndi powotchapo. Kuwotcherera kumaloledwa pokhapokha mtundu wa chitsulo ukudziwika ndipo injiniya walemba utali ndi kachitidwe kake. M'malo mwake anagumula konkire ndi chizulo mamilimita 350 kutsika pansi, mosamala kuti asatemere zitsulo, ndipo utali wopezeka unafika 630.

Pa B zitsulo ziwiri zinapendekera pothira konkire woyamba n'kutulukira mamilimita 40 kunja kwa mzere. Pofuna kuzibweza, anazipinda ndi paipi pamwamba penipeni pa konkire, n'kuzipindanso kuti ziime, zikuoneka ngati mwendo wa galu. Chitsulo chopindidwa chonchi sichinyamula katundu molunjika. Chikafinyidwa, bondo lija limakankha konkire kunja. Kuchiwongola sikuthandiza, pakuti chitsulo cha mizere chopindidwa mwamphamvu n'kubwezedwa chimachita timing'alu m'munsi mwa timizere. Kusuntha kololedwa ndi kwa milimita imodzi pa khumi alionse a utali, ndiye 40 amafuna 400 a utali ndi maringi owonjezera popindikapo. Anagumula konkire mamilimita 650, anadula mabondo aja, anakankha zotsalazo pang'ono kubwerera pa mzere, ndipo zitsulo zatsopano zinalumikizidwa pa mbali yowongoka ndi lapu ya 600. Konkire yemwe anagumulidwa pa zipilala ziwirizi ndi pafupifupi wilibala imodzi. Asanathire watsopano, pamwamba pa wakale panatsukidwa, fumbi ndi zibenthu zogwedera zinachotsedwa, n'kunyowetsedwa.

Kuyendera kwachiwiri ndi kuthira

Patapita masiku asanu ndi anayi tinayezanso chilichonse ndi tepi. Poyesa mipata tinagwiritsa ntchito kathabwa konenepa 25, komwe kanayenera kulowa pakati pa zitsulo zilizonse ziwiri, ngakhale pa mfundo ya B. Kanakana malo amodzi, pomwe Y16 yapakati inatsetserekera mbali, ndipo inamasulidwa n'kumangidwanso. Zitsulo zinali ndi dzimbiri lopyapyala lofiirira losachoka ndi dzanja, lomwe silivuta. Pomwe panali matope a dothi ndi oyilo wa shatala panapukutidwa ndi burashi ya waya.

Zipilala zinathiridwa kudzera pa zenera lobooledwa pa shatala pakati pa msinkhu, kuti konkire asagwe kuchokera mamita oposa 1.5 n'kulekanitsa miyala ndi matope. Bimu inathiridwa tsiku limodzi popanda kulekeza, m'magawo awiri a kuzama, ndipo vaibuleta inkalowetsedwa pakati pa zitsulo, osaitsamiritsa pa chikhola. Anthu ankayenda pa matabwa oyalidwa pambali, osati pa zitsulo zapamwamba. Konkire anakutidwa ndi masaka onyowa masiku asanu ndi awiri. Matabwa a m'mbali anachotsedwa patapita masiku awiri, koma a kunsi ndi mabulugamu ochirikiza anakhala masiku 21, ndipo kakhoma ka pamwamba sikanayambidwe mpaka atachotsedwa.

Kunsi kwa bimu kunatuluka kosalala, masipesa akuoneka ngati timabwalo totuwa pa mzere wake, popanda chithunzi cha ringi. Pa phazi la chipilala A panapezeka mabowo pa malo okula ngati chikhatho, akuya pafupifupi mamilimita 10, pomwe madzi a simenti anathawira pa msoko wa matabwa. Titagogoda ndi nyundo kuzungulira malowo kunkamveka kolimba, ndipo chitsulo sichinaonekere. Anasema mpaka pa konkire wolimba, ananyowetsa, n'kudzaza ndi matope a simenti imodzi ku mchenga iwiri, ndipo anawakuta ndi saka lonyowa sabata yathunthu asanapake pulasitala.